Njira yotakata ya waifai m'nyumba yosanja

"Ndakhazikitsa rauta yanga pa 40 MHz kuti intaneti izithamanga, koma madzulo ikungokwawa. Ndimakhala m'nyumba yosanja ya mabanja ambiri. Chalakwika n'chiyani?"

Achimwene, vuto lagona pa kuchepa kwa malo. Pa 2.4 GHz, limodzi mwa magawo a mafunde omwe waifai imayendapo, pali njira zitatu zokha za 20 MHz zomwe sizilowererana, zomwe ndi 1, 6 ndi 11, ndipo mukasankha 40 MHz mumatenga pafupifupi theka la malo onsewo, kotero rauta yanu imayamba kumva anansi ambiri kuposa kale. Waifai imamvetsera kaye isanatumize, ngati anthu pabwalo la milandu omwe amayankhula mmodzimmodzi, choncho anansi akachuluka nthawi yodikira imakula. Komanso mphamvu yomweyo ikamwazika pa njira yotakata kawiri, chizindikiro chimafooka ndi pafupifupi 3 dB, kutanthauza theka, poyerekeza ndi phokoso la pamafunde, ndiye m'chipinda chakutali uthenga umawonongeka n'kutumizidwanso.

Kuti mutsimikize, lumikizani kompyuta ku rauta ndi waya madzulo omwewo. Ngati pawaya zikuthamanga koma pawaifai ayi, onani pafoni kuchuluka kwa marauta a anansi. Mukapeza ambiri amphamvu, pitani pa Channel Width, posankhira kutakata kwa njira mu rauta yanu, ndi kusankha 20 MHz, kenaka mwa njira zitatu zija musankhe yopanda anansi amphamvu.

Pa 5 GHz malo ndi ochuluka ndipo makoma amatchinga kwambiri, choncho 80 MHz nthawi zambiri imayenda bwino, koma ngati njira 36 mpaka 48 zadzaza, tsikirani pa 40 MHz. Nambala ya liwiro yomwe foni imawonetsa idzatsika, koma kuyimbirana kwa pavidiyo kudzachepa kudukaduka.