Kanema wa chiwawu amene akungoonedwa ndi achibale

"Achimwene, ndimalima kachewere ku Tsangano ndipo chaka chathachi ndinayamba kuika makanema a ulimi pa YouTube. Wa matenda a chiwawu ndinauvutikira masiku atatu, koma miyezi inayi yatha anthu amene auonera ndi 43, ambiri ndi achibale amene ndinawatumizira linki. Mutu wake ndi Ulimi Ndi Chuma Gawo 7. Ndikulakwitsa pati? Nanga m'bokosi la pansi lija ndizilembamo chiyani?"

Achimwene, kanema wanu ndauonera mpaka kumapeto, ndipo ndi wabwino. Pamene mwatembenuza tsamba n'kuonetsa kanguwi koyera kunsi kwake, mame asanaume, ndiye penipeni. Alimi ambiri sadziwa kuti chiwawu amachigwirira pamenepo. Chimene chakupherani malonda ndi chikwangwani. Mwatsegula sitolo yodzaza katundu pa Lizulu, koma pakhomo mwalemba dzina la agogo anu.

Taganizani munthu amene mukumufunayo. Ndi mwezi wa Febuluwale, mvula yakhala ikuwaza sabata yonse, nkhungu siikuchoka m'mapiri. Mayi wina wa ku Bembeke wafika kumunda m'mawa wapeza mizere itatu masamba ada ngati wina wawathira madzi otentha. Ali ndi kabandulo kochepa. Atsegula YouTube, ndiye alemba chiyani? Sangalembe kuti ulimi ndi chuma. Panthawi imeneyo ulimi ukumudyera chuma. Alemba zimene maso ake akuona: masamba a mbatatesi akuda, kapena mbatata ikupsa masamba, kapena ngati dzina la matendawo akulidziwa, mankhwala a chiwawu. YouTube imatenga mawu amenewo n'kuyang'ana makanema amene mutu wawo, zolembedwa pansi pake ndi zimene zili m'kanemamo zikugwirizana nawo. Pa mutu wanu palibe mbatata, palibe masamba, palibe chiwawu. Ngakhale makinawo akanafuna kukukonderani, analibe pogwira.

Choncho musanalembe mutu, pitani mukabe mawu kwa eni ake. Njira yoyamba ndi bokosi lofufuzira la YouTube lomwelo. Lembani mawu amodzi kapena awiri, musadine kalikonse, muone zimene likukumalizirani. Zimene zimatsika pansizo zimachokera ku zimene anthu ena akhala akufufuza. Pa Chichewa nthawi zambiri mupeza zochepa kapena osapeza kanthu, poti ofufuza m'chiyankhulo chathu si ambiri. Musataye mtima nazo. Njira yachiwiri, imene ine ndimaidalira kwambiri, ndi kukhala theka la ola pa sitolo yogulitsa mankhwala a mbewu tsiku la msika. Mvetserani mmene mlimi amafotokozera vuto lake kwa wogulitsa. Sanena kuti "mbewu yanga yagwidwa ndi matenda oyamba ndi nkhungu." Amati "mbatata yanga yapsa." Chiganizo chimenecho ndiye mutu wanu.

Tsono pali vuto lathu lathu, limene anzathu opanga makanema a Chingerezi salidziwa kwenikweni. Mbewu imodzi yomweyi ili ndi maina angapo: wina amati kachewere, wina mbatatesi, wina mbatata ya kachewere, wa m'tauni amangoti ailishi. Matendanso wina alemba chiwawu, wina chiwau. Mwana wa sukulu amene watumidwa ndi bambo ake kuti afufuze alemba Chingerezi chimene chili pa paketi ya mankhwala. Simungathe kuwalowetsa onsewa pa mutu, ndipo mukayesa mutuwo umakhala ngati mndandanda wa maina a olandira makuponi. Sankhani limodzi, lotsalalo lipita m'bokosi la pansi.

Mutu amalola zilembo 100, kuwerengera ndi mipata yomwe, koma pa foni umadulidwa usanathe, ndiye zofunika zikhale kutsogolo. Kanema wanuyo ine ndikanamulemba chonchi:

```
Masamba a kachewere akuda ngati apsa: kuthana ndi chiwawu | Late blight
```

Zilembo 71 zimenezo. Foni ikadula, idula Chingerezi cha kumapetoko, chimene mayi wa ku Bembeke alibe nacho ntchito, koma makina ofufuzira amachiwerengabe chonse. Dzina la mbewu lilipo, chizindikiro chilipo m'mawu a mlimi, dzina la matenda lilipo. Dzina la tchanelo chanu, Ulimi Ndi Chuma, ndalichotsa dala chifukwa limaoneka kale pansi pa kanema aliyense. Gawo 7 ndachotsanso. Nambala imeneyo imauza mlendo kuti waphonya magawo asanu ndi limodzi, ndipo munthu wa bandulo yochepa amangodutsa.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali msampha umene ndinagweramo ndekha. Nditamva kuti zizindikiro zimakoka anthu, ndinalemba mutu wa kanema wanga wina kuti mbatata ikufota, pamene nkhani ya m'katimo inali chiwawu. Anthu anabweradi. Koma munthu amene mbatata yake ikufota masamba adakali obiriwira nthawi zambiri vuto lake ndi lina, matenda a bakiteriya a m'nthaka aja, amene ukadula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera pamatuluka timizere tonga mkaka. Ameneyo kupopera mankhwala a chiwawu n'kutaya ndalama. Ankaonera masekondi ochepa n'kutuluka, ndipo wina anandilembera pansi kuti "Bambo, mwatidyera bandulo." Anali ndi chifukwa. YouTube nayo imaona kuti anthu akulowa n'kuthawa, ndipo kanema wotero sapita patali. Chizindikiro chimene mwalemba pa mutu chikhale chimene kamera yanu yaonetsa, ndipo chioneke koyambirira, osati mutatha mphindi ziwiri mukupereka moni kwa mafumu ndi nduna zawo.

Tibwere ku bokosi lija, limene pa sikirini limalembedwa kuti Description. Inu mwalembamo "Osaiwala kupanga sabusikiraibu" basi. Mumalowa zilembo 5,000, koma zimene munthu amaona asanadine kuti zitambasuke ndi mizere yoyambirira yokha, ndipo nthawi zina ndi imeneyo imaonekanso pa zotsatira za kufufuza. Mizere imeneyo ndi munda wa padimba, osabzalapo maluwa. Nenani za kanemayo m'ziganizo zenizeni, ngati mukuuza mnzanu pa minibasi, ndipo maina amene anasowa malo pa mutu alowe mwachibadwa:

```
Ngati masamba a mbatatesi (mbatata ya kachewere) akuda ndi kuuma
nthawi ya mvula, chingakhale chiwawu. Muona mmene mungachizindikirire,
nthawi yopopera Mancozeb, ndi zolakwika zimene zimachifalitsa.
Tajambula ku Tsangano, Ntcheu. Irish potato late blight, Malawi.
```

Taonani kuti mbatatesi yalowa, dzina la mankhwala lalowa monga lilili pa paketi, malo alowa. Malo musawapeputse. Mlimi wa ku Dedza akaona Tsangano amadziwa kuti nyengo yozizira ndi chinyezi chake n'zofanana ndi kwawo, kusiyana ndi kanema wojambulidwa ku India. Dzina la mankhwala lembani lokhalo limene mwalitchuladi m'kanema. Mlingo wake ine sindiulemba m'bokosimo, ndimangoti atsate zolembedwa pa paketi, chifukwa mankhwala a dzina lofanana amabwera ndi mphamvu zosiyana ndipo munthu akaotcha mbewu adzabwera kwa inu.

Pansi pa ziganizozo ikani nthawi za zigawo. Ichi anthu ambiri sachita, chonsecho n'chaulere ndipo chimatha m'mphindi zisanu. Malamulo a kalembedwe kake ndi atatu: mzere woyamba uyambe ndi 0:00, mizere ikhale yosachepera itatu motsatana nthawi, ndipo chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Wanu ndauwerengera kale:

```
0:00 Mmene chiwawu chimaonekera pa masamba
1:40 Kusiyanitsa chiwawu ndi matenda ofotetsa
3:15 Nthawi yoyenera kupopera
5:50 Chifukwa chake mankhwala sakugwira
```

YouTube ikawerenga mizere imeneyi imagawa kanemayo m'zidutswa zokhala ndi maina. Wa bandulo yochepa amalumphira pomwe akufuna, ndipo Google nthawi zina imaonetsa zigawozo kwa munthu wofufuza. Mzere uliwonse uli ngati kamutu kena. Wa 5:50 uja ndi funso limene alimi amafunsa chaka ndi chaka: ndapopera koma sizikusintha. Munayankha bwino m'kanemamo, kuti Mancozeb amateteza tsamba lisanagwidwe, sachiza lomwe lapsa kale, komanso mvula yamphamvu imamutsuka. Yankho labwino chotero linabisala pa mphindi yachisanu popanda chikwangwani.

Za bokosi lina la Tags, loikamo mawu ofufuzira, musataye nazo tulo. A YouTube eni ake amanena kuti silithandiza kwambiri, kupatula pamene mawu amalembedwa molakwika kawirikawiri. Kwa ife ndiye ntchito yake imeneyo: ponyanimo chiwau, mbatatesi, kachewele, ailishi, mutseke. Chimene simuyenera kuchita ndi kuthira mulu wa mawu osagwirizana m'bokosi la Description, maina a oimba, a matimu a mpira, ati kuti mukoke anthu. Malamulo awo amaletsa, ndipo wofuna mpira sadzaonera mbatata.

Simukufunika kuika kanemayo kachiwiri. Lowani mu YouTube Studio, sankhani kanemayo, sinthani mutu ndi zolemba za pansi, sungani. Linki siisintha, ndipo anthu 43 aja sachoka pa chiwerengero. Kenako musiyeni milungu ingapo, osasintha m'mawa ndi madzulo ngati wophika nsima wosakhulupirira moto. Ikatha, tsegulani Analytics ya kanemayo, mupeze pamene akuonetsa kumene oonera akuchokera, mudine pa YouTube search. Pamenepo amakuonetsani mawu enieni amene anthu analemba kuti akupezeni. Oonera akachepa kwambiri mndandandawo umatha kukhala wopanda kanthu, koma ukayamba kudzaza uwerengeni ngati kalata. Mukaona kuti ambiri akulemba mbatatesi pamene inu munaika kachewere, sinthanitsani, mbatatesi ikwere pa mutu. Mukaona chiwawu cha tomato chikubwerabwera, ameneyo ndi kanema wanu wotsatira, ndipo ku Ntcheu tomato simuchita kumusaka.

Kanemayu akamaonekera kwa anthu ambiri koma odina n'kukhala ochepa, vuto lasamukira ku chithunzi cha pamwamba. Panopa mwaikapo nkhope yanu mutavala jekete. Ikani tsamba lakudalo, pafupi, lodzaza chithunzi chonse.

Musayembekezere zikwi sabata yamawa, achimwene. Tili mu Juni, ndipo kupatula a m'madimba, ofufuza za chiwawu ndi ochepa. Kanema wotere amagona chilimwe chonse n'kudzuka mvula ikakhazikika, ndiye konzani panopa kuti Januwale adzakupezeni muli kale pamzere. Pakadali pano tumizaninso linkiyo ku magulu a WhatsApp a alimi. Kumenekonso chimene chimaoneka pansi pa chithunzi ndi mutu womwewo, ndipo ndikufuna mudzandiuze kuti ndi angati adina tsopano poona masamba akuda m'malo mwa Gawo 7.