Kalata yokweza lendi: ilembedwe bwanji, ifike liti?

"Ndili ndi nyumba ya lendi pa Kasungu boma. Tenanti wanga amalipira K80,000 pa 1 mwezi uliwonse, ndipo sitinalemberane kalikonse. Ndikufuna kukweza ifike K100,000. Ndingangowalembera kuti mwezi wamawa ayambe mtengo watsopano?"

Mayi, kukweza mutha kukweza, koma si mwezi wamawa ngati mwezi uno wayamba kale. Ngakhale simunalemberane, pamaso pa lamulo pali mgwirizano wa mwezi ndi mwezi, ndipo mbali imodzi singausinthe payokha. Kalata yanu kwenikweni ikupempha tenanti kuti avomere mtengo watsopano. Akakana, njira yomwe muli nayo ndi kuthetsa mgwirizanowo pomupatsa notisi yosachepera mwezi wathunthu, yothera pa tsiku lolipira lendi.

Apa ndi pamene mwini nyumba angagwe m'khoti. Tinene kuti kalata yamufika pa 10 Malichi. Kufika pa 1 Epulo mwezi sunakwane, choncho lendi ya Epulo ikhalabe K80,000, ndipo tsiku loyambirira lomwe mungatchule ndi 1 Meyi. Masiku amawerengedwa kuyambira pomwe walandira, osati pomwe mwalemba. Pachifukwa ichi lembani makope awiri, asayine pa lanu ndi kulembapo deti. Akakana kusayina, mupatseni pamaso pa mboni.

Mwezi umodzi ndi mlingo wotsikitsitsa chabe. Ine ndikadakonda mutchule 1 Juni kapena 1 Julayi. K20,000 pamwamba pa K80,000 ndi 25 peresenti, ndipo munthu wodalira malipiro apamwezi amafunika nthawi yoti akonze bajeti kapena apeze nyumba ina popanda kusokoneza ana kusukulu. Tenanti wolipira bwino akachoka nyumba n'kukhala mwezi umodzi yopanda munthu, mwataya zomwe kukwezako kukadabweretsa pa miyezi inayi.

M'kalatamo mulembe dzina lake, nambala ya poloti, lendi yakale, yatsopano, tsiku loyambira, ndi tsiku loti akhale atakuyankhani. Zifukwa lamulo silikukakamizani kupereka, koma zimachepetsa mkangano zikakhala zoti iye angazione yekha: msonkho wa kukhonsolo ngati wakwera, malata omwe mwasintha, mtengo wa simenti ndi penti. Musalembe kuti mukonza chimbudzi ngati simukonza, chifukwa kalatayo idzakhala umboni wake.

Akalipira K100,000 inu n'kulandira, wavomera, mpatseni lisiti. Akakana, inu n'kumupatsa notisi, notisiyo n'kutha iye osatuluka, musazule chitseko, musadule madzi kapena magetsi, musatulutse katundu wake panja. Mutha kudzalipira chipukutamisozi choposa lendi yomwe mukulimbirana. Kasumeni kukhoti la majisitireti ku Kasungu, mutanyamula kope lomwe anasayina lija ndi malisiti, kuti khoti ndilo lilamule kuti atuluke.

Zonsezi n'za amene sanalemberane. Pakadakhala pepala lonena kuti lendi ndi K80,000 kwa chaka, mukadadikira chakacho chithe, pokhapokha pepalalo litalola kukweza pakati.