Kodi Anthu a Panyanja ndi amene anagwetsa malonda a nyengo ya mkuwa?

"Ndinawerenga kuti mizinda ya kum'mawa kwa nyanja ya Mediteraniyani inatha cha m'ma 1200 Khristu asanabadwe chifukwa cha adani ochokera panyanja. Kodi zoona zake n'zotani?"

Adaniwo analipodi, pakuti zolemba za pakachisi wa Medinet Habu ku Igupto zimasimba za nkhondo yomwe Ramesesi wachitatu, mfumu ya Igupto, anamenyana nawo cha m'ma 1177 Khristu asanabadwe. Vuto n'lakuti mfumuyo inkalemba modzitama, ndipo akatswiri ena amati anthuwo anali othawa njala, popeza makalata a Ahiti amapempha tirigu ndipo mungu wakale wa zomera wofukulidwa pansi pa nyanja ya Galileya umasonyeza chilala chachitali. Ena amatchula zivomerezi, koma chivomerezi sichifotokoza chifukwa chimene mzinda wa Ugariti, doko la ku Siriya, sunamangidwenso utapsa.

Ine ndimakhutira ndi amene amati maufumu a m'derali ankadalirana mopitirira muyeso. Chitsulo chawo chinkafuna magawo pafupifupi 10 a mkuwa, wambiri wochokera ku Kupro, pa gawo limodzi la tini wochokera kutali, monga mmene katundu wa chombo chakale chomira cha ku Uluburun, kugombe la dziko la Turkey, akusonyezera. Malondawo anali m'manja mwa nyumba zachifumu zochepa, choncho doko limodzi likagwa, mafumu ena ankasowa zida komanso zolipirira asilikali awo.