M'busa, wansembe, episkopi ndi dikoni: dzina la ntchito ndi mayina a udindo

Funso: "Bambo, ine ndine wa CCAP koma ndinakwatiwa ku banja la Chikatolika. Tsiku lina ndinatchula wansembe wa kuparishi kwathu kuti abusa, apongozi anga n'kundikonza kuti ndizinena kuti Bambo Mfumu. Kodi m'busa, wansembe, bishopu ndi dikoni amasiyana bwanji?"

Mayi, apongozi anu anakonza bwino, komabe inunso simunaname. Mwa mawu anayiwa, atatu ndi mayina a maudindo amene munthu amalandira mwa kusanjikidwa manja, pamene limodzi, loti m'busa, limanena za ntchito. Amene wagwira mfundo imeneyi sasokonezekanso.

Mawu oti m'busa ndi athu enieni, ndipo ndi pachibale ndi mawu oti busa, kumalo kodyetsera ziweto. Ine ndili mnyamata ndinali m'busa wa mbuzi za agogo anga, ndipo palibe anandisanjika manja. Ubusa wanga unkaoneka madzulo, mbuzi zikalowa m'khola zonse, zokhuta, popanda dandaulo la mwini munda. Ku Chilatini mawu oti pastor amatanthauzanso woweta nkhosa, choncho makolo athu sanafunike kubwereka kanthu. N'chifukwa chake zimandipweteka kumva achinyamata akunena kuti "a pasitala", ngati kuti dzinalo lili ndi ulemu woposa wa abusa, chikhalirecho ndi mawu omwewo atangovala jekete lachilendo. Polemba, ine ndimasunga kachizindikiro ka pakati pa m ndi b, monga timachitira polemba m'bale, chifukwa m ameneyu amamveka payekha, mosiyana ndi wa m'mawu oti mbuzi.

Kwanu ku CCAP ntchito imeneyi inasanduka dzina la udindo, popeza mpingowu ulibe mabishopu: abusa onse ndi ofanana, ndipo amalamulira pamodzi ndi akulu a mpingo. Koma ku Katolika, ku Anglican ndi ku mipingo ya Orthodox maudindo ndi atatu, ndipo amakweredwa motsatana: dikoni, wansembe, episkopi, amene inu mwamutcha bishopu. Akatolika amati limeneli ndi sakramenti la Ukulu.

Dikoni ndi mawu ochokera ku Chigiriki, diakonos, kutanthauza mtumiki, ndipo mipingo imaona chiyambi chake pa Machitidwe 6, pamene amuna asanu ndi awiri, kuphatikizapo Stefano, anasankhidwa kuti azisamalira chakudya cha akazi amasiye. Ku Katolika dikoni amabatiza, amawerenga Uthenga Wabwino pa Misa, amalalika, amadalitsa ukwati ndiponso amatsogolera mwambo wa maliro, koma sangapereke nsembe ya Misa, sangamve kulapa, ndipo sangadzoze odwala. Mukafuna kumuzindikira, yang'anani kansalu kakatali kopyapyala kamene atsogoleriwa amavala: dikoni amakapachika paphewa lamanzere n'kukadutsitsa pachifuwa mpaka m'chiuno cha kumanja, pamene wansembe amakakoleka m'khosi, mbali zonse ziwiri n'kutsikira kutsogolo. Madikoni amene timawaona kawirikawiri kuno ndi omaliza maphunziro a kuseminale, amene malamulo a mpingo amati akhale pa udikoni miyezi yosachepera isanu ndi umodzi asanadzozedwe unsembe. Palinso udikoni wokhalitsa, umene Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi anaubwezeretsa mu 1967, ndipo mwamuna wokwatira wa zaka 35 kapena kuposerapo akhoza kuulandira. Musamusokoneze dikoni ameneyu ndi atumiki a ku CCAP, amene amasamalira zopereka ndi osowa koma sali panjira yopita ku ubusa, ngakhale kuti tanthauzo la mayina awo ndi limodzi.

Mawu amene amandikoka mtima kwambiri ndi oti wansembe. Mawu a Chingerezi otchulira udindowu, oti priest, anachokera ku Chigiriki, presbyteros, kutanthauza mkulu, ndipo muzu womwewo ndiwo uli m'chilembo P cha dzina la CCAP. Tikanatsata muzuwo, bwenzi lero tikuti "akulu a parishi". Koma Chichewa chinayang'ana zimene munthuyo amachita, n'kumutcha wa nsembe. Mawuwa ndi akale kuposa mishoni iliyonse, pakuti makolo ankathira nsembe ya ufa ndi mowa pakachisi mvula ikavuta, ndipo ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona ali ndi omusamalira mpaka pano. Ine ndimakhulupirira kuti amene anasankha dzinali anamvetsa chiphunzitso cha Chikatolika bwino lomwe, chifukwa kwa Akatolika Misa ndi nsembe, ndipo woimirira paguwa ndi wansembe ndithu. Pa chifukwa chomwechi simungatchule abusa a ku Nkhoma kapena ku Livingstonia kuti ansembe, pakuti mpingo wawo suona Mgonero ngati nsembe yoperekedwa ndi mtsogoleri. Wansembe wa Chikatolika ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 25. Akapatsidwa parishi kuti aiyang'anire, ndi pamene amatchedwa Bambo Mfumu, ndipo ntchito yakeyo ndi ubusa weniweni; apa ndi pamene inu munalondola. Ansembe ena amene amamuthandiza, kapena amene amaphunzitsa kuseminale ya Kachebere ku Mchinji, ndi Abambo ndithu, koma si Bambo Mfumu.

Episkopi ndi bishopu ndi mawu amodzi amene anafika kuno podzera njira ziwiri. Onse anachokera ku Chigiriki, episkopos, kutanthauza woyang'anira, monga momwe Baibulo lathu limamasulirira pa 1 Timoteo 3. Akatolika anasunga kamvekedwe koyandikira Chigiriki, n'kumati Ambuye Episkopi, pamene a Anglican ndi ena anatengera Chingerezi. Chimene episkopi amachita, chomwe wansembe sangachite ngakhale atakalamba bwanji, ndi kudzoza ena: iye yekha ndiye ali ndi mphamvu yodzoza munthu kuti akhale dikoni kapena wansembe, ndipo iye mwini podzozedwa pamafunika maepiskopi atatu mwa nthawi zonse. Amayang'anira dayosizi, ndiye mwini wa sakramenti la Ulimbitso, ndipo kuti asankhidwe ayenera kukhala ndi zaka 35 komanso akhale atatha zaka zisanu pa unsembe. Chitsanzo chathu ndi Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala wansembe wa Chikatolika mu 1937, amene anadzozedwa kukhala episkopi wa ku Dedza mu 1957, patatha zaka 20. Arkiepiskopi, monga wa ku Blantyre kapena wa ku Lilongwe, si udindo wachinayi. Ndi episkopi yemweyo amene ali pa dayosizi yotsogolera zinzake.

Tsiku lina episkopi akadzabwera kuparishi kwanu, mudzayang'ane ndodo yopindika kumutu imene amagwira kudzanja lamanzere. Imeneyo ndi ndodo ya ubusa, yotengera ndodo yokolera nkhosa yosochera. Ngakhale kalata yotchuka imene maepiskopi a m'Malawi anatulutsa pa 8 Malichi 1992 inali kalata ya ubusa, yolembedwa ndi abusa kupita kwa nkhosa zawo. Pa Machitidwe 20, Paulo anaitana akulu a mpingo wa ku Efeso, n'kuwatcha oyang'anira, n'kuwauzanso kuti awete gulu la nkhosa: mayina atatu pa anthu omwewo, maudindo asanalekanitsidwe monga tikuwadziwira lero.

Chimene sindivomereza ndi chizolowezi cha masiku ano chotchula aliyense wovala kolala kuti bishopu pofuna kumukometsa, chifukwa mawu akagwiritsidwa ntchito pa aliyense amasiya kutiuza kuti munthuyo amachita chiyani. Kunyumba kwa apongozi anu muziti Abambo kwa wansembe aliyense, Bambo Mfumu kwa mwini parishi, Ambuye kwa episkopi, ndi a Dikoni kwa amene kansalu kawo kadutsa pachifuwa. Mukapita kukacheza kwanu, muziti abusa monga munazolowera.