Kukhala chete m'sewero nako kumalembedwa ndi kujambulidwa

"Akuluakulu, ndamaliza kulemba sewero la mphindi 20 loti tijambule pa kamera, koma ndalama n'zochepa kwambiri. Kodi za phokoso, nyimbo ndi malo oti pakhale chete ndizilembe bwanji m'sikiripiti, kapena ndingomusiyira edita?"

Musamusiyire edita, achimwene, ndipo ndikulemba izi mtima ukundiwawabe chifukwa cha zimene anthu ena anachita ndi gawo limene ndinkalikonda kuposa onse m'sewero lathu. Tinkajambula ku Chirimba m'mwezi wa Okutobala, m'nyumba yamalata yobwereka, ndipo gawolo linali la mayi amene akulandira foni yochokera ku Joni yowauza kuti mwana wawo wamwalira. Ine ndinakonza kuti poyamba wailesi izimveka chapansipansi mayiwo akusankha nyemba, foni ikalira azimitse wailesiyo kuti amve bwino, ndipo akamaliza kumva uthengawo papite masekondi 12 popanda wolankhula kapena nyimbo, kungomveka tsache la mnansi amene akusesa pabwalo osadziwa kanthu. Mphamvu yonse ya gawolo inali pa kuzima kwa wailesi, chifukwa khutu la woonera limazindikira kuti kwakhala chete pokhapokha ngati panali chinthu chimene chimamveka kenako n'kuleka.

Zonsezi ndinazilemba bwinobwino pa pepala lapadera, ndipo ndinalembanso ndi zilembo zikuluzikulu kuti wailesi isayatsidwe pojambula, idzaikidwe pokonza. Dayirekita wathu, munthu amene ankadziona ngati wodziwa zonse chifukwa kamera inali yake, anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba lakumbuyo, nati mayiwo sangalowe m'sewero ngati wailesi sikulira zenizeni. Anaiyatsa. Tsono gawo limodzi silijambulidwa kamodzi: mumajambula chapatali, kenako nkhope, kenako manja, ndipo nthawi iliyonse wailesi imakhala ili pena. Pamene tinkajambula chapatali inali kuimba nyimbo yauzimu ya woimba wina wotchuka, pofika pa nkhope nyimboyo inali kumapeto, ndipo pa manja panali muulutsi akupereka mafuno abwino kwa anthu a ku Mulanje. Mawu a mayi ndi a wailesi analowa mu mayikolofoni imodzi, ndipo zikatero palibe edita wa pa laputopu yathu ija amene akanazilekanitsa osawononga mawu a wosewerayo.

Choipitsitsa chinachitika pa nkhope. Mayi aja anasewera mwa njira imene sindinaionenso: anatsitsa foni pang'onopang'ono, lichero lili pamiyendo, milomo ikunjenjemera koma osalira, ndipo tonse tinasiya kupuma. Pa sekondi yachitatu magetsi amene anali atazima kuyambira m'mawa anayaka, chigayo cha kuseri kwa nyumba chinayamba kulira, ndipo firiji ya eni nyumba, imene palibe anaichotsa ku soketi, inayambanso kung'ung'udza. Mnyamata amene ankagwira mayikolofoni analibe mahedifoni m'makutu chifukwa dayirekita anali atawatenga kuti azimvera zimene tajambula kale, choncho palibe anadziwa kukula kwa vutolo. Ndinapempha kuti tibwereze, kapena tipite kukapempha mwini chigayo kuti atiimitsire kwa mphindi zochepa, koma bamboyo anati dzuwa likupita ndipo galimoto yahayala ikuwerengera maola. Ndinapempha mphindi imodzi yokha kuti aliyense akhale chete chigayo chikapuma, tijambule mpweya wa m'chipindamo, kutanthauza kaphokoso kapansipansi kamene kamatsala anthu onse akakhala chete, ndipo anandiseka pamaso pa anthu onse kuti ndikufuna kujambula mizimu.

Edita atalandira zinthuzo anadula phokoso la chigayo pa masekondi 12 aja, ndipo pamalopo panatsala chete wakufa, amene amamveka ngati sipika yaduka waya, chifukwa chipinda chenicheni sichikhala chopanda phokoso lililonse. Pofuna kubisa dzenjelo anaikapo kiyibodi yolira imene anaipeza pa intaneti, naikweza mpaka tsache la mnansi linasowa. Tsiku loonetsa seweroli m'holo, nyimbo ya pa wailesi ija inkadumpha kamera ikangosintha, mpaka mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti wailesi ya amayiwo ikufunika mabatire, ndipo holo yonse inaseka pa nthawi yeniyeni imene uthenga wamaliro unkafika. Mayi amene anasewera gawolo anali pafupi ndi ine, ndipo anangoweramitsa mutu. Titaika seweroli pa YouTube, nyimbo yauzimu ija inazindikiridwa ndipo eni ake anaikapo chidandaulo, pomwe dayirekita ankauza aliyense kuti vuto linali sikiripiti yosakhwima. Mpaka lero munthu ameneyo sanapepesepo kwa mayi aja, ndipo ndikamuona akuphunzitsa achinyamata za mafilimu ndimangodutsa.

Tsono inu musalembe pa pepala lapadera, chifukwa pepala lotero limathera m'thumba la munthu. Lembani m'kati mwa sikiripiti momwemo, pakati pa mizere ya osewera, kuti aliyense amene akuwerenga mawu ake akumane nazo, afune asafune. Chilichonse chimene mwalemba chinene chimene chikumveka, pamene chikuyambira, pamene chikuthera, ndiponso ngati chijambulidwe pamalopo kapena chidzaikidwe pokonza. Gawo langa lija likanayenera kuoneka motere:

PHOKOSO: wailesi chapansipansi kuyambira poyamba mpaka dzanja la mayi likhudze batani. Isayatsidwe pojambula, idzaikidwa pokonza.
CHETE: masekondi 12 kuchokera pamene foni yachoka pakhutu. Kumveke mpweya wa m'chipinda ndi tsache panja basi.
NYIMBO: palibe m'gawo lonseli.

Mzere womalizawo ndi wofunika kwambiri, chifukwa edita akapeza malo amene simunanenepo kanthu amaganiza kuti mwaiwala, ndipo amakuthandizani ndi kiyibodi. Mukalemba kuti chete, nenani chimene chatsala chikumveka, popeza mawu oti "pakhala chete" paokha sauza wogwira mayikolofoni choti ajambule. Kumapeto kwa gawo lililonse lembaninso mzere woti mujambule mpweya wa pamalopo kwa masekondi 60, anthu onse ali pomwe anali, mayikolofoni ili pomwe inali, wina asanayambe kunyamula katundu. Mpweya umenewu ndi umene edita amayala pansi pa mawu kuti polumikiza pasamveke, ndipo ndi umene umakhala chete wanu uja. Wa chipinda china kapena wa tsiku lina sugwirizana, ndipo mukhoza kudzitsimikizira nokha mukavala mahedifoni n'kutseka maso: ngati mukutha kudziwa pamene kamera yasintha ndi khutu lokha, ndiye kuti mpweya wasiyana.

Nyengo nayo ilembeni pamwamba pa gawo. Ife tinabwerera ku nyumba ija mu Disembala kukajambula mizere imene inasowa, ndipo nyenje zimene zinkalira mu Okutobala zinali zitaleka, m'malo mwake kunali achule ndi mvula yowaza pamalata, moti m'gawo limodzi mwamuna amafunsa funso m'chilimwe ndipo mkazi amayankha m'dzinja. Musanasankhe nyumba, pitani mukakhalemo pa ola lomwe mudzajambule, ndipo mulembe m'mphepete mwa sikiripiti zimene mwamva: chigayo, tchalitchi cha masipika, nthawi ya kuitana kwa ku mzikiti, njinga zamoto za kabaza, ana oweruka kusukulu. Mukapita magetsi atazima mudzanamizidwa ndi bata limene silidzakhalapo tsiku lojambula, kapenanso mudzapeza jenereta ya mnansi imene simunaiwerengere. Firiji ndi fani zichotsedwe ku soketi, ndipo makiyi a galimoto muwaike m'firijimo kuti musachoke musanaiyatsenso, chifukwa eni nyumba akapeza ndiwo zitawonongeka sadzakubwerekaninso.

Mawu ang'onoang'ono monga tsache, chitseko, nyemba zogwera m'lichero ndi kulira kwa foni muwapatse mndandanda wawo kumapeto kwa sikiripiti, ndipo mujambule chilichonse pachokha mayikolofoni ili pafupi. Mizere ya munthu wa mbali ina ya foni nayonso ijambulidwe payokha m'chipinda cha makatani ndi matiresi, kenako edita adzaichepetse mabesi kuti imveke ngati ya pafoni, zimene ngakhale pulogalamu ya pa kompyuta ya Audacity, imene ndi yaulere, imachita. Uzani wojambula mawu kuti asunge mafayilo ngati WAV pa 48 kHz, ndipo mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB, kuti wosewera akakuwa mwadzidzidzi mawu asasweke.

Pa nyimbo, m'sewero la mphindi 20 malo atatu kapena anayi ndi okwanira, ndipo alembeni ndi nthawi yake, mwachitsanzo gitala imodzi kwa masekondi 20 kuyambira pamene chitseko chatsekedwa mpaka mawu oyamba a gawo lotsatira. Musalembe dzina la nyimbo ya munthu wina m'sikiripiti muli ndi chiyembekezo choti mudzapempha pambuyo pake. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza nyimbo zimenezo ngakhale zikungomveka pa wailesi ya m'sewero, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, ndi amene mungawafunse za chilolezo. Chotchipa ndi kupeza mnyamata wa gitala kapena amayi atatu a kwaya kuti akupekereni kanyimbo kawo, mulemberane pa pepala kuti avomera kuti kalowe m'seweroli ndi kuikidwa pa intaneti, ndipo ngakhale pulogalamu ya pa wailesi ija muipange nokha ndi mnzanu wa mawu abwino.

Komabe, pa gawo lililonse limene mwalemba kuti palibe nyimbo, uzani wa gitala uja akuimbireni masekondi 30 osungira, chifukwa tsiku lina chigayo chidzakulirirani pa nkhope yabwino kwambiri ndipo mudzafuna chophimbira chimene ndi chanu, osati kiyibodi ya pa intaneti. Musachulutsenso zolemba mpaka tsamba lililonse kudzaza ndi malangizo, popeza anthu otopa ndi dzuwa amawerenga mzere umodzi kapena iwiri basi. Sankhani magawo awiri amene phokoso lake ndi lofunika kwambiri, muwajambule m'mawa kwambiri zigayo zisanatsegulidwe, ndipo mugwirizane ndi dayirekita pamaso pa gulu lonse kuti wovala mahedifoni ali ndi mphamvu yoimitsa kujambula. Akakana zimenezo musanayambe, funani kamera ya munthu wina.