Mabatani akudukira pansi pa dayalogi, vuto si wogwiritsa ntchito

"Pulogalamu yanga ya Qt ndinaiyesa pa Scale ya 150%, zonse bwinobwino, koma kasitomala wina akuti batani la OK sakuliona chifukwa anakulitsa zilembo. Ndimuuze angochepetsa?"

Ayi achimwene, musamuuze zimenezo chonde. Funso lanuli landikhudza chifukwa inenso ndinanenapo mawu omwewo kwa mayi wina wa vuto la maso amene ankagwiritsa ntchito kapulogalamu kanga, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Anakhala masabata akungodina Enter mongoganizira poti mabatani onse anali atabisika pansi, osadziwa ngati akusunga kapena akufufuta, ine nkumalimbikira kuti pakompyuta yanga zili bhobho. Nditaona skirini yawo ndi maso anga ndinasowa chonena.

Chomwe sindinkadziwa nchakuti pa Windows pali zinthu ziwiri zosiyana. Scale ija imakulitsa zonse pamodzi, windo, mabatani, zilembo, ndiye palibe chimasefukira. Koma Text size ya mu Accessibility, yomwe imafika 225%, imakulitsa zilembo zokha basi, windo nkutsala momwe munalikhomera. Inu munayesa choyambacho, kasitomala wanu ali pachachiwiri.

Dayalogi yanga ndinaikhoma ndi `setFixedSize(400, 220)`. Uthenga unali mizere 3, uliwonse mapikiselo 16. Pa 225% mzere umodzi ukufika mapikiselo 36, komanso zilembo zanenepa ndiye mizere 3 ija yasanduka 7. Mapikiselo 252 amenewo, m'bokosi la 220, mabatani akhala pati? Ndipo ndinene pano, anthufe timakhoma saizi osati poti pakufunika ayi, timangofuna zifanane ndi chithunzi chomwe wojambula anatipatsa, chomwenso anachijambula ali ndi maso abwinobwino pa monita yaikulu. Chizolowezi chimenechi ndimadana nacho kwambiri. Zomwezi zimachitikanso mukamasulira pulogalamu m'chilankhulo cha mawu ataliatali, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga mutani

Chotsani `setFixedSize`, zonse zilowe mu `QVBoxLayout`. Uthenga ukhale mu `QScrollArea`, koma `QDialogButtonBox` ikhale kunja kwake, pansi, kuti ngakhale mawu achuluke bwanji mabatani azionekabe. Poyesa musadikire kasitomala, ikani izi mu `main()` mongoyembekezera:

```cpp
QFont f = app.font();
f.setPointSizeF(f.pointSizeF() * 2.25);
app.setFont(f);
```

Tsegulani dayalogi iliyonse, makamaka za mauthenga a zolakwika poti ndi zomwe timaziiwala, muyende ndi Tab. Ikakafika pa chinthu chomwe simukuchiona, mwalipeza vuto. Mawu omwe sanakule nkomwe ndiye kuti penapake munawakhomera saizi yawoyawo, mufufuze `font-size` ndi `setPixelSize`. Kenako mubwereze pa skirini ya 1920x1080 ili pa Scale ya 200%, pamenepo mumatsala ndi malo a 960x540 okha, ndipo dayalogi yomwe yaphunzira kukula ija ikhoza kupitirira skirini yeniyeniyo.