Kulemba Dzina la Dera pa Kanema wa Ntchito Kuti Anthu a Pafupi Akupezeni

"Ndimakonza mafiriji ku Chirimba, ndipo ndimaika makanema a ntchito yanga pa YouTube. Kanema wina anaonedwa ka 3,000, koma palibe anaimba foni, ndipo ambiri amene analemba ndemanga ndi akunja. Mnzanga akuti ndidzaze mayina a madera onse a Blantyre m'bokosi la `Tags`. Kodi akunena zoona?"

Bambo, mnzanuyo waona pamene pali vuto, koma mankhwala amene wakupatsani ndi ofooka. Eni ake a YouTube amanena poyera kuti mawu a m'bokosi limenelo amathandiza pang'ono kwambiri, ndipo kuti mutu wa kanema, chithunzi chake chapamwamba ndi mawu ofotokozera ndi amene amalemera. Dzina la dera liyenera kukhala pamene makina ofufuzira amawerenga ndiponso pamene diso la munthu limayamba kugwera, chifukwa mayi wa ku Mbayani amene nyama yayamba kusungunuka m'firiji mwake sakufuna kuphunzira ntchito yanu, akufuna kudziwa ngati mungafike pakhomo pake dzuwa lisanalowe.

Tiyambe ndi mutu. Umalola zilembo 100, koma pa foni umadulidwa usanathe, choncho mawu ofunika akhale koyambirira. Amisiri ambiri amalemba mutu wonga "Ntchito ya lero" kapena dzina la shopu lokha, ndipo makina sangadziwe kuti ntchitoyo ndi yotani kapena yachitikira kuti. Ine ndikanalemba motere:

```
Title: Fridge repair Chirimba, Blantyre: firiji yosazizira
Description: Timakonza mafiriji ku Chirimba, Blantyre, Malawi.
Timafika pakhomo ku Mbayani, Machinjiri ndi Kameza.
```

Mutuwu uli ndi zilembo 51 zokha, ndipo wanena ntchito, dera, mzinda ndi vuto. Ndasakaniza zinenero mwadala, pakuti anthu ambiri kuno akamafufuza mmisiri pa foni amalemba dzina la ntchito m'Chingerezi, pamene vuto lenilenilo amalifotokoza m'Chichewa. Mungadziyesere nokha: lembani `fridge repair bl` m'bokosi lofufuzira, muone mawu amene makina akukumalizirani, popeza amenewo amachokera pa zimene ena amalemba.

Mwina mwadabwa kuti ndaonjezera liwu lakuti Malawi, ngati kuti pali amene sadziwa kumene Blantyre ali. Makina sadziwa mmene ife timadziwira. Ku Scotland kuli Blantyre wina, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo mzinda wathu unatenga dzina kumeneko. Ku Cameroon nako kuli mzinda wa Limbe, wa m'mphepete mwa nyanja. Mmisiri wa ku Limbe kwathu amene walemba dzinalo palokha akupikisana ndi makanema a alendo okaona gombe. N'chifukwa chake dera, mzinda ndi dziko ziyenera kuonekera pamodzi kamodzi m'mizere iwiri yoyamba ya mawu ofotokozera, popeza ndi imene imaoneka munthu asanadine kuti awerenge zotsalazo. Nambala ya foni ndi chizindikiro cha pamene shopu ili, monga siteji ya minibasi kapena msika woyandikana nawo, zitsatire pomwepo, chifukwa kwathu kuno munthu amalondoleredwa ndi chizindikiro osati nambala ya nyumba.

Tsopano ku nkhani ya kudzaza madera onse, imene ndikufuna kukhalapo pang'ono. Bokosi la mawu ofotokozera limalola zilembo 5,000, ndipo chiyeso chimakhalapo chondandalika Ndirande, Bangwe, Chilobwe, Zingwangwa, Chigumula, Lunzu ndi ena onse. Malamulo a YouTube amaletsa kuunjika mawu otere m'bokosi limenelo, ndipo kanema angathe kuchotsedwa. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, taganizirani zimene zimachitika munthu wa ku Bangwe akakuimbirani. Kuchokera ku Chirimba mudzakwera minibasi zingapo mutanyamula silinda ya gasi ndi zipangizo, tsiku lidzathera pamsewu, ndipo mukaika mtengo wa ulendo pa ntchitoyo kasitomala adzaona kuti mwamudulira. Mukakana kupita, adzauza anzake kuti mumalemba zimene simuchita. Langizo langa n'lakuti mutchule madera atatu kapena anayi okha amene mumafikako popanda kudandaula, ndipo dera lina lililonse lilandire kanema wakewake pa tsiku limene mwagwirako ntchito. Mukakonza firiji ya golosale ku Machinjiri, jambulani pomwepo mwini wake atalola, tchulani deralo ndi pakamwa m'masekondi oyambirira, ndipo mulilembe pa mutu. Musaonetse geti kapena chilichonse cholozera nyumba ya kasitomala.

Bokosi la `Tags` lili ndi ntchito imodzi imene imatikomera ife Achewa, ndiyo ya mawu amene anthu amalemba mosiyanasiyana. Wina amalemba `Chirimba`, wina `Chilimba`. Wina `firiji`, wina `filiji`. Achinyamata amangolemba `BT`. Ikani zimenezo m'menemo, muchoke, musatayirepo nthawi.

Palinso bokosi lina limene ambiri saliona. Mu YouTube Studio pa kompyuta, tsegulani `Details`, dinani `Show more`, ndipo mudzapeza `Video location`. Sankhani Blantyre wa ku Malawi, ndipo muwerenge bwino musanadine kuti musasankhe wa ku Scotland uja. Ndi ntchito ya mphindi imodzi ndipo ndi yoyenera kuichita, koma musayembekezere kuti bokosili lidzatsekera akunja pakhomo. Silichita zimenezo, ndipo anthu a ku Zambia kapena ku Joni adzapitiriza kuonera. 

Chifukwa china chimene ndimalimbikira mawu olembedwa n'chakuti makina amavutika kudziwa pamene munthu wogwiritsa ntchito bandulo ya pa foni ali. Ngati sanatsegule chosonyeza malo, angaoneke ngati ali mumzinda wina. Koma akalemba yekha dzina la dera lake, mutu wanu ukagwirizana nalo, mwakumana.

Mukakonza makanema amene ali kale, dikirani masiku 28, kenako tsegulani `Analytics` ya kanema aliyense. Pa `Audience` mudzaona mayiko amene oonera akuchokera, ndipo pa `Reach` mudzaona mawu amene anthu analemba kuti akupezeni. Mukaona mawu okhala ndi dzina la mzinda kapena dera, ndiye kuti zayamba kugwira. Mukaona mawu ophunzirira okha, monga `how to refill fridge gas`, ndiye kuti kanemayo akukopa amisiri anzanu ndi ophunzira, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa 3,000 aja anali otere. Oonera akakhala ochepa, YouTube imabisa zina mwa ziwerengerozi, choncho musataye mtima mukapeza malo opanda kanthu. Chiwerengero cha oonera chingathenso kutsika, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa ngati foni yayamba kulira.

Pa chifukwa chimenechi, sungani kope pa shopu. Aliyense woimba mumufunse kumene akukhala ndi kumene wapeza nambala yanu, mulembe tsiku, dera ndi yankho lake. Pakatha miyezi iwiri muwerenge kuti ndi dera liti labweretsa ntchito, ndipo kanema wotsatira mukajambulire kumeneko.